Kutsekula Tchanelo Yatsopano pa YouTube: Dzina, Chikwangwani, Mafotokozedwe ndi Keyala

Nkhani yathu ya lero ikukhudza makwaya, makalabu a alimi, masukulu ndi amisiri amene akuganiza zotsekula tchanelo yawo pa YouTube. YouTube ndi malo a pa intaneti oonetserapo mavidiyo. Anayamba ku America m'chaka cha 2005, ndipo kampani ya Google inawagula m'chaka cha 2006. Tchanelo ndi tsamba limene munthu kapena gulu limasonkhanitsapo mavidiyo ake onse pansi pa dzina limodzi. Kutsekula tchanelo sikulira malipiro ena alionse, kupatula ndalama za intaneti zimene mumagula pa foni yanu.

Munthu akafika pa golosale yachilendo amayamba waŵerenga chikwangwani, nasuzumira m'kati, ndi kuona ngati pali wina woti amufunse. Mlendo wofika pa tchanelo amachitanso chimodzimodzi. Amaona zinthu zinayi: dzina, chikwangwani cha pamwamba, mawu ofotokoza tchaneloyo, ndi keyala yoti apezere eni ake. Zinthu zinayizi zikamanena chinthu chimodzi, mlendo amakhulupirira. Zikasemphana, amakayika, ndipo amapita kwina osanena kanthu.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze kuti ku Ntchisi kuli kalabu ya alimi oŵeta njuchi. Kalabuyi ndi yongoyerekeza, koma zimene ikumane nazo ndi zenizeni. Ili ndi wapampando, mlembi, msungichuma, ndi mnyamata mmodzi wodziŵa kujambula ndi foni. Akufuna kuphunzitsa anzawo kupachika ming'oma ndi kufula uchi, ndiponso akufuna kuti ogula uchi aziwapeza. Titsagana nawo kuyambira pachiyambi.

Tchaneloyi ndi ya yani?

Funso ili limafunika kuyankhidwa dzina lisanasankhidwe. Tchanelo iliyonse imatsekulidwa ndi akaunti ya Google, imene kwa ambiri ndi imelo ya Gmail ndi mawu ake achinsinsi. Amene ali ndi akauntiyo ndiye mwini tchanelo pamaso pa YouTube, ngakhale gulu lonse litakhetsa thukuta pojambula mavidiyowo.

Njira yachidule ndi yakuti mnyamata wa foni uja atsekule tchanelo ndi imelo yake. Izi zimatheka m'mphindi zochepa, ndipo onse amakondwa. Vuto limadza patapita zaka, mnyamatayo akapita kukagwira ntchito ku Joni, kapena akasemphana mawu ndi komiti. Tchanelo imapita naye, pamodzi ndi mavidiyo onse ndi anthu onse amene anali kuitsatira. Kalabu siingathe kuilanda, chifukwa m'mabuku a Google dzina la kalabuyo mulibe.

Choncho kalabu ya ku Ntchisi iyambe ndi kutsekula akaunti ya Google yatsopano, ya kalabu yokha. Potsekula, Google imapempha nambala ya foni ndi imelo ina zothandiza kubwezera akaunti mawu achinsinsi akaiŵalika. Nambala imeneyi ikhale ya simu imene imagwiritsidwa ntchito nthaŵi zonse, chifukwa simu yokhala nthaŵi yaitali m'kabati imatsekedwa, ndipo nambala yake ikhoza kupatsidwa kwa munthu wina. Atatero, atsekule chitetezo chachiŵiri cholembedwa kuti `2-Step Verification`, chimene chimafuna kutsimikiza pa foni munthu akamaloŵa m'akaunti pa chipangizo chachilendo. Pamalo omwewo pali `Backup codes`, manambala khumi osungira tsiku latsoka. Mlembi awalembe papepala ndi kuwasunga pamodzi ndi mabuku a kalabu, pakuti foni ikabedwa, manambala ameneŵa ndiwo khomo lotsala.

Tsono aloŵe pa `youtube.com/account`, asankhe `Add or manage your channel(s)`, kenaka `Create a channel`. Tchanelo yotsekulidwa motere imakhala pa chimene Google imachitcha `Brand Account`, ndipo ubwino wake ndi wakuti ikhoza kukhala ndi eni ake oposa mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Wapampando ndi mlembi onse aŵiri akhale eni ake. Dziŵani kuti munthu woikidwa kumene kukhala mwini amadikira masiku 7 asanaloledwe kukhala mwini wamkulu, kotero ntchito imeneyi isadikire tsiku limene wina watsanzika.

Nanga mnyamata wa foni uja? Iye asapatsidwe mawu achinsinsi a kalabu. Pa `studio.youtube.com`, pomwe ndi ofesi ya tchanelo, pali `Settings`, ndipo m'menemo muli `Permissions`. Pamenepo amaitanidwa ndi imelo yakeyake ndi kupatsidwa udindo wa `Editor`. Ndi udindo umenewu angathe kuika mavidiyo ndi kuwakonza, koma sangathe kufafaniza tchanelo, kapena kuitana ndi kuchotsa anthu ena. Tsiku limene adzachoka, komiti idzangochotsa dzina lake pamndandanda, ndipo palibe chimene chidzasoŵe.

Dzina, ndi dzina lachidule

Tchanelo ili ndi maina aŵiri, ndipo ambiri amawasokoneza. Loyamba ndi dzina lalikulu looneka pamwamba pa tsamba ndi pansi pa vidiyo iliyonse. Dzina limeneli si la munthu mmodzi. Matchanelo ambirimbiri akhoza kukhala ndi dzina lofanana. Lachiŵiri ndi dzina lachidule loyamba ndi chizindikiro cha `@`, limene pa foni lalembedwa kuti `Handle`. YouTube inayamba kupereka maina achiduleŵa m'chaka cha 2022, ndipo lililonse limakhala la tchanelo imodzi yokha pa dziko lonse. Ndilo limene limasiyanitsa tchanelo yeniyeni ndi yonamizira.

Dzina lalikulu labwino limayankha mafunso aŵiri: kodi ndani, ndipo ali kuti kapena amachita chiyani? Mnyamata uja angakonde dzina lonyadira, lodzaza mawu achizungu onga aja otanthauza kuti iyi ndi wailesi ya kanema yovomerezeka, ndi manambala kumapeto. Dzina lotero silinena kanthu za njuchi, ndipo mayi wa ku Dowa amene walimva kamodzi sangalikumbukire. Koma akalemba kuti Oŵeta Njuchi a ku Ntchisi, aliyense wadziŵa kale ntchito yawo ndi kwawo. Koposa apo, munthu wofufuza mawu akuti njuchi kapena Ntchisi ali ndi mwaŵi wowapeza. Ngati kalabu ili kale ndi dzina lolembedwa pa mabotolo a uchi ndi pa malisiti, dzina la tchanelo likhale lomwelo, chilembo ndi chilembo, kuti wogula amene wagwira botolo m'manja asakayike.

Asanalembe dzinalo, alifufuze pa YouTube pomwepo, ndiponso pa Facebook, kuti aone ngati pali ena amene akuligwiritsa ntchito kale. Apeŵenso kubwereka dzina kapena chizindikiro cha unduna wa boma, wailesi yodziŵika, banki kapena munthu wotchuka pofuna kukopa anthu. YouTube ili ndi lamulo loletsa kudzionetsa ngati munthu wina kapena bungwe lina, ndipo tchanelo yochita zimenezi ikhoza kutsekedwa ndi mavidiyo ake onse.

Dzina lachidule lili ndi malamulo ake. Likhale ndi zilembo zoyambira 3 mpaka 30. Limalola zilembo, manambala, kadontho, ndi timizere iti: `-` ndi `_`. Sililola mpata pakati pa mawu, ndipo lisaoneke ngati nambala ya foni kapena keyala ya pa intaneti. Pano pali zinthu ziŵiri zokhudza chinenero chathu. Choyamba, kankhodolero kamene timalemba m'mawu akuti ming'oma kapena ng'ombe sikaloledwa m'dzina lachidule, kotero mawu otere amaoneka opunduka akakachotsa. Chachiŵiri, chilembo cha ŵ wa kachipeŵa anthu ambiri sadziŵa pomwe chili pa foni zawo. Pa zifukwa zimenezi kalabu yathu isiye mawu akuti ming'oma ndi akuti oŵeta, isankhe `@NjuchiNtchisi`, dzina la zilembo 13 lopanda kadontho kapena kamzere. Keyala ya tchanelo idzakhala `youtube.com/@NjuchiNtchisi`.

Njira yoyesera dzina lachidule ndi yapafupi. Litchuleni kamodzi kwa munthu amene sanalionepo, ndipo mumupemphe alilembe papepala. Akalemba molondola, dzinalo lingathe kulengezedwa pa msonkhano, m'tchalitchi, ku mzikiti kapena pa wailesi. Akafunsa kuti kamzere kali pati, kapena ngati pali ziro kapena chilembo cha o, sankhani lina.

Maina onse aŵiri angathe kusinthidwa, koma kaŵiri kokha pa masiku 14 alionse. Dzina lachidule lakale limasungidwa masiku 14, ndipo pambuyo pake munthu wina aliyense akhoza kulitenga. Taganizani kalabu itasindikiza keyala yake pa mapepala omata pa mabotolo, kenaka n'kusintha dzinalo. Ogula onse adzatumizidwa ku tsamba losoŵa, kapena kwa mlendo amene watola dzina lotayidwalo. Nthaŵi yokangana za dzina ndi ino, asanasindikize kanthu.

Chithunzi chozungulira ndi chikwangwani

Pa `studio.youtube.com` pali mawu akuti `Customization`, amene pa makompyuta ena amalembedwa `Customisation`, ndipo pansi pake pali `Profile`. Pamenepa ndi pamene pamakonzedwa zonse zimene zatsala m'nkhani yathu. Ntchitoyi imayenda bwino pa kompyuta. Amene ali ndi foni yokha atsekule keyalayo ndi kusankha `Desktop site` kuti tsamba lioneke lathunthu.

Chithunzi choyamba ndi chozungulira, chimene chimaoneka pambali pa dzina paliponse. Pa foni chimachepa kufika pa msinkhu wa chikhadabo cha chala. Chithunzi cha mamembala onse a kalabu ataima pamzere chimangosanduka mabanga. Chofunika ndi chinthu chimodzi chachikulu chokhala pakati, monga chizindikiro cha kalabu kapena botolo la uchi, popanda mawu ang'onoang'ono, pakumbukira kuti ngodya zonse zinayi zidzadulidwa.

Chachiŵiri ndi chikwangwani, chithunzi chotambalala cha pamwamba pa tsamba. Kukula kwa chithunzi kumayezedwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo. YouTube imalangiza chikwangwani cha mapikiselo 2560 m'litali ndi 1440 m'msinkhu. Siilandira chochepera 2048 ndi 1152, kapena cholemera kuposa mamegabayiti 6.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi chakuti chithunzi chimodzi chomwecho chimadulidwa mosiyanasiyana. Pa wailesi ya kanema chimaoneka chonse. Pa kompyuta chimadulidwa pamwamba ndi pansi, n'kutsala kansalu kopyapyala. Pa foni chimadulidwanso kumanja ndi kumanzere. Malo okhawo ooneka pa zipangizo zonse ndi a pakati penipeni, okwana mapikiselo pafupifupi 1546 m'litali ndi 423 m'msinkhu. Kunena kwina, pa chithunzi cha 2560 ndi 1440, siyani mapikiselo pafupifupi 510 kumwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere popanda cholembedwa chilichonse. Amene sakonda manambala agaŵe chithunzicho m'mizere itatu yopingasa. Mawu onse akhale m'kati mwa mzere wa pakati, osakhudza malire ake, ndipo mbali iliyonse asiye gawo limodzi mwa magawo asanu a utali wake.

Tiyeni tione mmene kalabu yathu ingachitire. Ajambula chithunzi cha mng'oma wopachikidwa pa mtengo m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, foni itagonekedwa cham'mbali, pakuti chithunzi chojambulidwa foni itaimirira sichikwana. Wojambulayo aime patali ndithu, kuti mng'oma ukhale pakati ndipo mitengo ndi thambo zidzaze m'mbali, momwe mudzadulidwe. M'kansalu ka pakati alembe mizere iŵiri yokha. Woyamba ndi dzina la kalabu m'zilembo zikuluzikulu. Wachiŵiri unene zimene woonera adzapeza, monga kuti maphunziro a ulimi wa njuchi m'Chicheŵa. Zilembo zoyera zimafuna malo akuda kumbuyo kwake, ndipo zakuda zimafuna malo oŵala. Zilembo zachikasu pa udzu wouma siziŵerengeka munthu ali padzuŵa.

Pa chikwangwani pasalembedwe zinthu zosintha msanga, monga mtengo wa uchi kapena tsiku la chionetsero. Mtengo wa chaka chatha ukakhalabe pamenepo, mlendo amaganiza kuti eni tchanelo anachoka kalekale. Pasakhalenso lonjezo lakuti vidiyo yatsopano Loŵeruka lililonse, ngati kalabu ikudziŵa kuti nthaŵi ya dzinja onse amakhala kumunda. Chithunzicho chikhale chojambula okha. Chotola pa intaneti chili ndi mwini wake, ndipo mlimi wa kuno akaona ming'oma ya kunja imene sinafikepo m'boma lake, amazindikira msanga kuti pali chinyengo.

Pali vuto lina lofala. Wojambula amatumiza chithunzi kwa mlembi pa WhatsApp, ndipo mlembi akachiika, YouTube imachikana kuti ndi chaching'ono. Chifukwa chake ndi chakuti WhatsApp imachepetsa zithunzi zotumizidwa mwa nthaŵi zonse pofuna kusunga ndalama za intaneti. Mankhwala ake ndi kuchitumiza ngati chikalata, posankha `Document`, kapena kuchisamutsa ndi chingwe. Chikaloŵa, YouTube imaonetsa mizere yosonyeza malo ooneka pa zipangizo zonse. Mawu akadumpha mzere wa m'kati, bwererani mukakonze. Pomaliza dinani `Publish`, pakuti popanda kutero zonse zimene mwasintha sizisungidwa.

Mawu ofotokoza tchanelo

Pansi pa dzina pali malo otchedwa `Description`, olemba zilembo zosapitirira 1,000, kuŵerengera ndi mipata yomwe. Komabe mlendo wofika pa tsamba amangoona mawu oŵerengeka oyambirira, ndipo otsalawo amabisika mpaka atadina. Kotero mzere woyamba ndiwo wofunika koposa. Ambiri amauwononga ndi malonje, kulandira alendo ndi kupempha anthu kuti awatsatire. Malonje ndi ulemu pakhomo, koma pano mlendo akhoza kuchoka malonjewo asanathe.

Mafotokozedwe abwino amanena zinthu zinayi motsatana: kuti ndinu yani ndipo muli kuti, zimene mumaonetsa, amene mukuwalankhula, ndi mmene angakupezereni. Kalabu ya ku Ntchisi ingalembe motere: "Ndife kalabu ya alimi oŵeta njuchi m'boma la Ntchisi, ku Malaŵi. Timaonetsa m'Chicheŵa kakonzedwe ka ming'oma, kaitanidwe ka njuchi, kafulidwe ka uchi kosatentha tchire, ndi kasefedwe kake. Mavidiyo onse timajambula tokha m'minda ya mamembala athu, ndipo ndi othandiza alimi oyamba kumene. Timaika vidiyo yatsopano kamodzi pa mwezi. Ofuna uchi kapena maphunziro atilembere pa imelo ya kalabu imene ili pa tsamba lino."

Taonani kuti m'mawu ameneŵa mulibe chimene mlendo sangathe kuchitsimikiza. Sanadzitche akatswiri oposa onse m'dziko, sananene kuti uchi wawo umachiza matenda, ndipo sanadzitame ndi ziphaso zimene alibe. Ngati kalabu inalembetsedwa ku boma, inene zimenezo mwachidule. Ngati sinalembetsedwe, isanene. Mawu ofunika monga njuchi, uchi, ming'oma ndi Ntchisi aloŵa okha m'ziganizo, ndipo zimenezi zikwanira. Kundandalika mawu ambirimbiri osagwirizana ndi nkhani, monga mpira kapena maina a oimba otchuka, pofuna kukola ofufuza, kumachotsa ulemu wa tchanelo ndipo kukhoza kuŵerengedwa ngati chinyengo. Ngati akuyembekeza ogula osamva Chicheŵa, aonjezere chiganizo chimodzi cha Chingelezi kumapeto, chonena zomwezo.

Keyala yopezera eni ake

M'munsi mwa tsamba la `Profile` muli malo aŵiri. Oyamba ndi `Contact info`, olembapo imelo ya ntchito. Imelo imeneyi siionekera poyera. Woifuna amayenera kuloŵa ndi akaunti yake, kudina `View email address`, ndi kutsimikiza kuti ndi munthu, zimene zimachepetsa makalata opanda pake otumizidwa ndi makina. Langizo lalikulu pano ndi lakuti imelo yolembedwa apa isakhale yomwe ija yoloŵera m'tchanelo. Wakuba akadziŵa imelo yoloŵera, watsala ndi mawu achinsinsi okha. Kalabu itsekule imelo yachiŵiri ya makalata okhaokha, ya dzina lofanana ndi la tchanelo, ndipo mlembi aziiyang'ana masiku oikika. Keyala imene palibe woyankha imawononga mbiri kuposa kusakhala nayo.

Malo achiŵiri ndi `Links`, momwe mungaikidwe makeyala a masamba ena okwana 14. Yoyamba pamndandanda ndiyo imaoneka pamwamba pa tchanelo, choncho ikhale imene mukufuna kuti anthu adine. Aŵiri kapena atatu akwanira. Popeza ogula ambiri kuno amakonda WhatsApp kuposa imelo, kalabu ingaike keyala yotsekula macheza mwachindunji. Imalembedwa `wa.me/265` motsatizana ndi nambala ya foni, ziro woyambirira atachotsedwa, popanda mpata kapena chizindikiro cha `+`. A ku Zambia alembe 260 m'malo mwa 265. Ziro uja akatsala, keyalayo siigwira ntchito.

Nambala imeneyi ikhale ya kalabu, osati ya pa foni ya mayi kapena mtsikana wina wa m'gululo, chifukwa chilichonse choikidwa pa tchanelo chimaonedwa ndi aliyense, abwino ndi oipa omwe. Pa chifukwa chomwecho, tchulani boma kapena msika wapafupi, koma osalongosola njira yofikira pa nyumba ya munthu. Nambala yolandirira ndalama pa foni ndi bwino kuipereka kwa wogula mutalankhulana naye. Ndiponso nenani poyera m'mafotokozedwe kuti nambala ya kalabu ndi imodzi yokha, kuti wina akadzatsekula tchanelo yofanana ndi yanu ndi kupempha ndalama, ogula akhale ndi poyerekezera.

Chomaliza pa ntchito yotsekula ndi kutsimikiza tchanelo ndi foni pa `youtube.com/verify`. YouTube imatumiza nambala pa uthenga wa foni, ndipo mukailemba, tchanelo imaloledwa kuika mavidiyo opitirira mphindi 15, kusankha yokha chithunzi cha pachikuto cha vidiyo, ndi kuulutsa zinthu pamene zikuchitika. Nambala imodzi ya foni imatsimikiza matchanelo aŵiri okha pa chaka. Kutsimikiza kumeneku n'kosiyana ndi kachizindikiro kochonga kamene mumaona pambali pa maina a matchanelo akuluakulu. Kameneko kamapemphedwa tchanelo ikafika pa oitsatira 100,000, sikagulitsidwa, ndipo kamachotsedwa dzina la tchanelo likasinthidwa. Munthu wolonjeza kukugulitsani kachizindikiroka ndi wakuba.

Mbala zoloŵera pa keyala

Khomo limene mwatsekulira ogula ndi lomwenso mbala zimagogodapo. Zimalemba kalata yaulemu, zikudzitcha kampani yofuna kulipira kuti mulengeze malonda ake, ndipo zimatumiza chikalata choti mutsekule kuti muone pangano. M'mwezi wa Malichi 2023 zimenezi zinachitikira Linus Tech Tips, tchanelo ya ku Canada yophunzitsa za makompyuta, imene inali ndi oitsatira oposa mamiliyoni 15. Wantchito wina anatsekula chikalata chooneka ngati cha malonda, koma m'kati munali pulogalamu yakuba. Pulogalamuyo inatenga chilolezo chimene kompyuta imasunga munthu akaloŵa kale m'akaunti, kotero mbalazo sizinafune mawu achinsinsi kapena nambala ya pa foni. Zinasintha dzina la tchanelo kukhala Tesla, ndi kuyamba kuulutsa mavidiyo onyengerera anthu kutumiza ndalama. Tchaneloyo inatsekedwa, ndipo inabwezedwa pambuyo pake ndi thandizo la YouTube.

Ngati akatswiri a makompyuta anagwa m'mbuna yotere, kalabu ya alimi iyenera kuchenjera koposa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kalata yolonjeza ndalama zambiri kwa tchanelo ya mavidiyo atatu, yofulumizitsa kuti muyankhe lero lomwe, kapena yokhala ndi chikalata chotsekedwa ndi mawu achinsinsi, isatsekulidwe. YouTube siipempha mawu achinsinsi pa imelo. Ngati n'kotheka, makalata a alendo aziŵerengedwa pa chipangizo china, chosiyana ndi chimene eni ake amaloŵera m'tchanelo. Zizindikiro zakuti tchanelo yabedwa ndi izi: dzina kapena chikwangwani chasintha popanda wodziŵa, paoneka mavidiyo achilendo, kapena pa `Permissions` pali imelo imene simukuidziŵa. Mukaona chimodzi mwa izi, mwini wake asinthe mawu achinsinsi nthaŵi yomweyo pa chipangizo china, atulutse zipangizo zonse zachilendo m'akaunti ya Google, ndi kudziŵitsa YouTube kudzera pa tsamba lake la thandizo.

Kuyesa musanalengeze

Zonse zikatha, musathamangire kulengeza. Ikani kaye mavidiyo aŵiri kapena atatu, pakuti tchanelo yopanda kanthu ili ngati golosale ya chikwangwani chokongola koma mashelefu ali mbee. Kenaka bwerekani foni ya munthu amene sali m'gulu lanu, makamaka yaing'ono ndi yakale, ndipo mumupemphe achite yekha zinthu zinayi inu mutakhala chete. Alembe dzina lachidule limene mwamutchulira pakamwa. Aŵerenge mawu onse a pa chikwangwani. Anene m'mawu ake kuti tchaneloyi ndi ya yani ndipo imaonetsa chiyani. Pomaliza adine keyala ya WhatsApp ndi kutumiza uthenga, ndipo muone ngati wafika pa foni ya kalabu. Pamene wakakamira ndi pamene pafunika kukonza.

Mlembi alembe m'buku la kalabu dzina la tchanelo, dzina lachidule, maimelo onse aŵiri, maina a eni ake aŵiri aja, ndi malo amene manambala osungira tsiku latsoka ali. Pa chisankho chilichonse cha komiti, tsamba limeneli liziŵerengedwa pamodzi ndi lipoti la chuma, ndipo otuluka m'maudindo azichotsedwa pamndandanda tsiku lomwelo.